Mtanda wopachikidwa pa ndodo ya chitsulo ndi ya kopa: pomwe samu ya kagawanidwe ka katundu imakanira

Funso ili silisowa pa mayeso a ophunzira za uinjiniya. Mtanda wosapindika wapachikidwa pa ndodo ziwiri zochokera kudenga, ina ya chitsulo, ina ya kopa, ndipo pa mtandapo akolekapo katundu. Amafunsa kuti ndodo iliyonse yasenza zochuluka bwanji, yatamuka motani, kapena kuti katunduyo akolekedwe pati kuti mtanda usapendekeke. Masamu ake ndi ochepa, koma anthu amagwa pamalo amodzimodzi chaka ndi chaka, ndipo amene amakachipanga chinthuchi ku wekishopu amapeza kuti zomwe akuyeza sizikugwirizana ndi zomwe analemba papepala.

Gwero la vutoli ndi limodzi. Munthu akangoona mawu oti chitsulo ndi kopa, maganizo ake amathamangira kunena kuti chitsulo n'cholimba, ndiye chisenza zambiri. Nthawi zina zimatero, nthawi zina ayi, ndipo nthawi zina kopa ndi amene amasenza zambiri. Chimene chimagamula nkhaniyi ndi momwe mtandawo wagwiridwira. Mtundu wa ndodo umalowa mu samu pokhapokha pali china chake chimene chikukakamiza kutamuka kwa ndodo imodzi kuti kuyendere limodzi ndi kutamuka kwa inzake. Musanakhudze kakyuleta, yang'anani chithunzi cha funsolo n'kuwerenga malo amene mtandawo wagwiridwa.

Tigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Ndodo zonse ziwiri ndi zozungulira, zonenepa mamilimita 12, kutanthauza kuti pomwe mwadula pali malo okwana 113 mm². Iliyonse ndi yaitali mamilimita 1500. Nambala yosonyeza kuuma kwa chinthu pokana kutamuka, imene m'mabuku amailemba E, pa chitsulo ndi 200 000 N/mm², ndipo pa kopa titenga 120 000 N/mm². Mabuku ena amapereka 100 000 kapena 110 000 pa kopa, choncho pa mayeso tsatirani yomwe mwapatsidwa. Katundu ndi 8 kN, kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 800. Ndodo ya chitsulo tiitcha 1, ya kopa 2.

Chinthu choyamba kupeza, chimene chimafupikitsa ntchito yonse, ndi mphamvu yofunika kuti ndodo iliyonse itamuke milimita imodzi, imene tiitcha k, pomwe A ndi malo a pomwe mwadula aja ndipo L ndi utali wa ndodo:

```
k  = A × E / L
k1 = 113 × 200 000 / 1500 = 15 067 N/mm
k2 = 113 × 120 000 / 1500 =  9 040 N/mm
```

Pakati pa ziwirizi pali kusiyana kwa 5 kwa 3. Sungani nambala zimenezi.

Mwagawa katundu potengera E, koma yankho lakana

Apa ndi pomwe ambiri amagwera. Ndodo ziwiri zija zatalikirana mamilimita 2000, mtanda wapachikidwa pa izo zokha, palibe pini, palibe khoma, ndipo katundu ali pakatikati. Wophunzira amatenga 5 kwa 3 uja n'kulemba kuti chitsulo chasenza 5 kN, kopa 3 kN. Yankho lolondola ndi 4 kN mbali iliyonse.

Ganizirani anthu awiri amene apachika thumba pa mtengo n'kuusenza pamapewa, wina kutsogolo wina kumbuyo. Thumba likakhala pakati, aliyense amasenza theka, ngakhale mmodzi atakhala chiphona ndipo winayo wowonda. Wofookayo akhoza kugwada pang'ono mtengo n'kupendekera kwa iye, koma kulemera kwa paphewa pake sikuchepa. Kuti apepukidwe, thumba liyenera kusunthira kwa mnzakeyo.

Pa mtanda wathu zosadziwika ndi ziwiri zokha, F1 ndi F2, mphamvu zimene ndodo ziwirizo zasenza, ndipo malamulo a chinthu chimene chaima osagwa ndi awirinso: mphamvu zokwera zifanane ndi zotsika, ndipo mamomenti, kutanthauza mphamvu kuchulukitsa ndi mtunda wake kuchokera pa malo amodzi, athetsane. Malamulo awiri, zosadziwika ziwiri, samu yatha, ndipo E sanalowemo n'komwe. Katundu, amene timutcha P, akakhala pa mtunda x kuchokera ku chitsulo, timatenga mamomenti pa ndodo ya chitsuloyo:

```
F2 × 2000 = P × x
F1 = P − F2
```

Ntchito ya E imabwera pambuyo, pofuna kudziwa kuti mtandawo wapendekeka motani. Chitsulo chokokedwa ndi 4000 N chitamuka 4000 / 15 067, omwe ndi 0.27 mm. Kopa atamuka 4000 / 9040, omwe ndi 0.44 mm. Mbali ya kopa yatsika kuposa inzake ndi pafupifupi 0.18 mm. Kupendekeka kumeneku ndi kumene kumalola ndodo ziwiri zosiyana kusenza mofanana: mtanda uli ndi ufulu wotsatira ndodo iliyonse komwe yafika.

Njira yodzigwirira nokha ndi yachidule. Mukapeza F1 ndi F2, tengani mamomenti pa malo pomwe pali katundu. Ndi 5 kN ndi 3 kN pa mtunda wofanana wa 1000 mm, mbali imodzi ikupereka 5000 ndipo inayo 3000. Mtanda wotere sungaime, ungazungulire. Yankho lililonse lolephera pamenepa ndi lolakwika, ngakhale fomula yomwe mwaitenga ikuoneka yanzeru chotani.

Funso lanena kuti mtanda ukhalebe wosapendekeka

Mawu ochepawa amasintha funso lonse, ndipo amabisala kumapeto kwa chiganizo pomwe maso otopa saona. Tsopano ndodo zonse ziyenera kutamuka mofanana, ndipo apa ndi pomwe 5 kwa 3 uja amagwira ntchito:

```
F1 / k1 = F2 / k2
F1 + F2 = 8 kN
F1 = 5 kN,  F2 = 3 kN
```

Koma malamulo a mamomenti sanachoke. Ngati mphamvu ziyenera kukhala 5 ndi 3, katundu sangakhalenso paliponse pomwe mwafuna. Pali malo amodzi okha:

```
8 × x = 3 × 2000
x = 750 mm kuchokera ku chitsulo
```

Ndodo zonse zatamuka 0.33 mm, ndipo mukhoza kutsimikiza pogawa 5000 ndi 15 067, kenako 3000 ndi 9040. Mukapeza 1250 mm kuchokera ku chitsulo, mwatembenuza samu: mwatenga mamomenti pa ndodo imodzi koma mtunda mwauyeza kuchokera ku inayo. Katundu nthawi zonse amayandikira ndodo yomwe ili ndi k wamkulu. Ndipo ngati funso lapereka kulemera kwa mtandawo, kulemerako kumakhala pakatikati ndipo sikusuntha, choncho katundu ayenera kusendera pang'ono kupitirira pamenepo kulowera ku chitsulo. Mtanda wolemera 0.2 kN umabweretsa x pa 744 mm.

Pali msampha wina m'gawo lino umene umandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa umachokera ku kuloweza. Ambiri analoweza kuti σ1 / E1 = σ2 / E2, pomwe σ ndi sitiresi, mphamvu yogawidwa ndi malo a ndodo. Fomula imeneyi ndi yoona pokhapokha ndodo zili zotalika mofanana, monga zimakhalira pa waya wa chitsulo wokutidwa ndi kopa. Chimene mtanda wosapendekeka umafuna ndi kutamuka kofanana m'mamilimita, osati kutamuka kofanana pa milimita iliyonse ya ndodo. Olemba mayeso amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amakonda kujambula denga lokhala ndi sitepe, ndodo imodzi yaifupi kuposa inzake.

Onani zomwe zimachitika ndodo ya kopa ikafupikitsidwa kufika pa 900 mm. Tsopano k2 ndi 113 × 120 000 / 900, omwe ndi 15 067 N/mm, ndendende ndi chitsulo cha 1500 mm chija. Katundu akhala pakatikati, ndodo iliyonse isenza 4 kN, ndipo mtanda supendekeka. Kopa ndi yemwe uja, E sanasinthe, koma kagawanidwe kasintha. Mukhozanso kusiya utali momwe unalili n'kunenepetsa kopa: pakufunika malo a 188 mm², ndipo ndodo ya mamilimita 16, yomwe ili ndi 201 mm², ikupitirira pang'ono chabe. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kupeza k wa ndodo iliyonse poyamba. Mu k muli kale kunenepa, utali ndi mtundu wa ndodo, ndipo simungaiwale chimodzi.

Pali pini pakhoma, ndipo mphamvu za ndodo zaposa katundu

Tsopano mtanda womwewo mbali yake imodzi yamangidwa kukhoma ndi pini imene imaulola kuzungulira koma osatsika. Ndodo ya chitsulo ili 1000 mm kuchokera pa pini, ya kopa ili 2000 mm, ndipo katundu wa 8 kN ali kunsonga, 2500 mm. Werengani zosadziwika: F1, F2 ndi mphamvu ya pa pini. Zakwana zitatu, malamulo akadali awiri. Lachitatu liyenera kuchokera ku kapendekekedwe ka mtanda.

Popeza mtanda supindika ndipo ukuzungulira pa pini, malo aliwonse amatsika molingana ndi kutalikira kwake ku pini. Malo a pa 2000 mm atsika kuwirikiza kawiri malo a pa 1000 mm. Apa kulemba kuti ndodo zatamuka mofanana ndi kulakwitsa kofala, kotengedwa ku funso lapita lija. Jambulani mtandawo utapendekeka mokokomeza, ndipo muona makona atatu awiri ofanana maonekedwe, aang'ono ali mkati mwa aakulu. Kuchokera pamenepo, tikalemba δ pa kutamuka kwa ndodo iliyonse:

```
δ2 = 2 × δ1
F2 / 9040 = 2 × F1 / 15 067
F2 = 1.2 × F1
```

Kopa wasenza kuposa chitsulo. Sikuti walimba mwadzidzidzi, koma malo amene ali akumukakamiza kutamuka kawiri, ndipo kuwirikiza kumeneku kwaposa kufewa kwake. Tsopano mamomenti pa pini, pomwe mphamvu ya piniyo imazimiririka mu samu chifukwa mtunda wake ndi ziro:

```
F1 × 1000 + F2 × 2000 = 8 × 2500
F1 × 1000 + 1.2 × F1 × 2000 = 20 000
F1 = 5.88 kN,  F2 = 7.06 kN
```

Phatikizani ziwirizo, mupeza 12.94 kN, pomwe katundu ndi 8 kN basi. Ophunzira ambiri akafika apa amafufuta ntchito yabwinobwino poganiza kuti asokoneza. Musafufute. Katundu ali kunja kwa ndodo zonse ziwiri, choncho akufuna kutukula mbali ya kukhoma, ndipo pini ikuikokera pansi ndi 4.94 kN. Ndodo zikusenza katundu pamodzi ndi kukoka kwa pini. Amene amalemba F1 + F2 = P pa funso la pini waiwala mphamvu yachitatuyi, ndipo yankho lake lonse ligwa.

Nambala zimenezi zikutiuzanso china chimene wopanga chinthu chenicheni ayenera kuchimva. Sitiresi ya mu chitsulo ndi 5880 / 113, pafupifupi 52 N/mm², kutali kwambiri ndi 250 N/mm² pomwe chitsulo wamba chomangira chimayamba kutamuka kosabwerera. Mu kopa ndi 7060 / 113, pafupifupi 62 N/mm², ndipo kopa wofewa amayamba kutamuka kosabwerera cha m'ma 70 N/mm². Ndodo yolimba ikupuma, yofookayo ili m'mphepete. Sinthanitsani malo, chitsulo chipite pa 2000 mm ndipo kopa abwere pa 1000 mm, n'kubwereza samu yomweyo: chitsulo chisenza 8.70 kN, kopa 2.61 kN. Sitiresi ya kopa yatsika kufika pa 23 N/mm², ya chitsulo yakwera kufika pa 77 N/mm², yomwe sichikuimva n'komwe, ndipo malo a pa 2000 mm atsika 0.58 mm m'malo mwa 0.78 mm. Simunagule kanthu kalikonse. Ngati pali mwayi wosankha, ndodo youma ndi yolimba ikhale kutali ndi pini.

Kwatentha, ndipo zinthu zasintha popanda wokhudza katundu

Kopa amakula ndi kutentha kuposa chitsulo. Pa digiri iliyonse, chitsulo chimatalika ndi pafupifupi 12 × 10⁻⁶ ya utali wake, kopa 17 × 10⁻⁶. Kusiyana kwa madigiri 20 pakati pa m'mawa ndi masana si kwachilendo pansi pa malata mwezi wa Okutobala, ndipo ngati ndodo ya kopayo inaikidwa chifukwa imadutsitsa magetsi, monga zimakhalira pa matanki okutira zitsulo, imadzitenthetsanso yokha. Pa madigiri 20, ndodo zathu zikanakhala zomasuka zikanatalika motere:

```
chitsulo: 12 × 10⁻⁶ × 1500 × 20 = 0.36 mm
kopa:     17 × 10⁻⁶ × 1500 × 20 = 0.51 mm
```

Pa mtanda wa ndodo ziwiri zokha, mphamvu sizisintha ngakhale pang'ono. Mtanda umangotsatira, mbali ya kopa n'kutsika 0.15 mm kuposa inzake. Wophunzira amene amawonjezera sitiresi ya kutentha pa funso lotere wapanga mphamvu yomwe kulibe, chifukwa kutentha kumabala mphamvu pokhapokha pali chimene chikuletsa ndodo kukula. Koma onani kukula kwa nambalayo: 0.15 mm ili pafupi ndi 0.18 mm ya katundu woikidwa pakati uja. Malo a 750 mm amene tinapeza amasunga mtanda wowongoka pa kutentha kumodzi kokha.

Pa mtanda wa pini nkhani ndi ina, ndipo apa nzeru zongoganizira zimanamiza. Tibwerere pomwe chitsulo chili pa 1000 mm ndipo kopa pa 2000 mm. Munthu anganene kuti kopa wakula kwambiri, ndiye wamasuka, katundu wapita ku chitsulo. Tiyeni tione. Kutsika kwa malo aliwonse tsopano ndi kutamuka kwa mphamvu kuphatikiza kukula kwa kutentha:

```
F2 / 9040 + 0.51 = 2 × (F1 / 15 067 + 0.36)
F2 = 1.2 × F1 + 1898        (N)
F1 + 2 × F2 = 20 000        (N)
F1 = 4.77 kN,  F2 = 7.62 kN
```

Kopa walemedwa kuposa kale. Chitsulo chikatalika 0.36 mm pa malo ake, mtanda umafuna kutsika 0.72 mm pa malo a kopa, koma kutentha kwamupatsa kopa 0.51 mm yokha. Kuperewera kwa 0.21 mm kumeneko ndi kumene kwakankhira katundu kwa iye, ndipo sitiresi yake yafika pa 67 N/mm². Cholakwika chofala pa samu imeneyi ndi kuiwala kuti 2 uja akuchulukitsa zonse za m'kati mwa mabulaketi, kuphatikizapo 0.36. Mukaiwala, chizindikiro chimatembenuka ndipo mupeza kuti kopa wapepukidwa, yankho looneka ngati lanzeru koma labodza.

Papepala zili bwino, koma chinthu chenicheni chikuchita zina

Yambani ndi kukumbukira kukula kwa nambala zomwe takhala tikupeza. Zonse ndi zosakwana milimita imodzi. Kupendekeka kwa 0.18 mm pa mamita awiri levulo ya mmisiri womanga singakuone, pamafunika geji ya muvi yowerenga 0.01 mm, itakhazikika pa chinthu chimene sichikusuntha limodzi ndi mtanda. Choncho ngati mtanda wanu wapendekeka moti diso likuona, vuto si kusiyana kwa E. Pali china chachikulu chimene chachitika, ndipo kawirikawiri chimapezeka pa nati.

Ndodo ya mamilimita 12 yokhala ndi mazinga wamba a M12 imayenda 1.75 mm nati ikazungulira kamodzi. Kotala chabe ya kuzungulira ndi 0.44 mm, kuposa kutamuka konse kwa ndodo ya chitsulo imene yasenza 5.88 kN pa mtanda wa pini uja. Pa mtanda wa ndodo ziwiri zokha, zimenezi zimangopendeketsa mtanda ndipo mumakonza ndi sipanala. Pa mtanda wa pini, kotala imeneyo imasamutsa katundu. Mukamanga nati ya chitsulo mopitirira ndi kotala, samu yathu ija imapereka 10.5 kN pa chitsulo m'malo mwa 5.88 kN, ndipo kopa amatsika kufika pa 4.7 kN. Mukaisiya yolefuka ndi kotala yomweyo, chitsulo chimatsala ndi 1.2 kN yokha ndipo kopa amafika pa 9.4 kN, zomwe kopa wofewa wa kunenepa kumeneku sangapirire osatamukiratu. Samu yonse ya m'buku imaganiza kuti ndodo zonse zinayamba kugwira ntchito nthawi imodzi, palibe yolefuka, palibe yokokedwa kale.

Kuti muyandikire zimenezo, chotsani katundu, tchinjirizani mtanda ndi jeke kapena matabwa uli wowongoka, mumange nati zonse ndi zala zokha mpaka zitangokhudza, kenako muzitseke ndi nati yachiwiri kuti zisayende. Chitani zimenezi ndodo zonse zili pa kutentha kofanana, osati imodzi itangochoka padzuwa. Mukachotsa jeke n'kukoleka katundu pang'onopang'ono, yang'anani geji. Ngati poyamba muvi ukuthamanga kenako n'kuyamba kuyenda pang'ono, ndodo imodzi inali yolefuka ndipo yangoyamba kugwira pamene muvi wachedwerapo. Kumenya ndodo pang'ono ndi sipanala kumathandizanso: yolefuka imalira mogwedera.

Mazinga ali ndi vuto linanso. Pomwe mwadula mazinga a M12, malo osenza mphamvu si 113 mm² koma pafupifupi 84 mm². Pa kutamuka kwa ndodo yonse kagawo kakafupi aka sikasintha zambiri, choncho k mupitirize kumupeza ndi 113. Koma pofunsa ngati ndodo ipirira, gawani ndi 84. Kopa wathu wa 7.06 kN, amene pa thupi la ndodo anali pa 62 N/mm², pa mazinga ali pa 84 N/mm², kupitirira malire a kopa wofewa. Chizindikiro chake ndi chakuti mukachotsa katundu geji sibwerera pa ziro, ndipo nati ya kopa imayamba kulimba kapena kugwedera poimasula chifukwa mazinga atalikirana.

Mwina munganene kuti kopa amene munagula ndi wouma, wokokedwa ku fakitale, amene amapirira kuposa 200 N/mm². Zikhoza kukhala zoona, koma funsani ngati wina anamuika pamoto. Kopa akatenthedwa mpaka kufiira, monga pomulumikiza ndi mphete kapena pomupinda kuti apange ngowe, amafewa pamalo amenewo ndipo kuuma kuja sikubwerera, kaya wazizira pang'onopang'ono kapena mwamuviika m'madzi. Ndodo yonse imakhala yolimba kupatula kachigawo kamene kada ndi moto, ndipo kutamuka kumayambira pomwepo. E wa kopa wofewa ndi wouma ndi wofanana pafupifupi, choncho pa katundu wochepa geji sikuuzani kanthu. Kusiyana kumaonekera pokhapokha katundu akakula. Ikani zizindikiro ziwiri ndi panchi mbali zonse za malo otenthedwawo, muyeze ndi vaniya musanakoleke katundu ndi mutachotsa, ndipo mtunda ukakula mudziwa pomwe milimita yanu ikupita.

Chotsala ndi mawu aja oti mtanda wosapindika, amene m'buku ndi ongoganizira. Tengani chanelo ya chitsulo ya 100 kwa 50, yolemera pafupifupi makilogalamu 10 pa mita, yopachikidwa pa ndodo zotalikirana mamita awiri. Katundu wa 8 kN pakati amaipinda pafupifupi 3 mm, kuwirikiza pafupifupi kakhumi kutamuka kwa ndodo. Pa ndodo ziwiri zokha mphamvu sizisintha, chifukwa mamomenti sasamala za kupindika kochepa chonchi, koma geji yoikidwa pakati pa mtanda ikuwerenga kupindika kwa chanelo, osati kutamuka kwa ndodo. Ikani geji pansi penipeni pa ndodo iliyonse. Pa mtanda wa pini, kupindika kotere kumaphwanya lamulo lija la δ2 = 2 × δ1, ndipo katundu akakhala kunsonga, ndodo yoyandikana naye imasenza zambiri kuposa zomwe samu yanena, yapakati n'kupepukidwa. Kuti muone ngati zili choncho, ikani mageji awiri, pa 1000 mm ndi pa 2000 mm. Wachiwiri akawerenga kuwirikiza kawiri woyamba, mtanda ndi wouma mokwanira ndipo samu ya pamwambayi ikugwira. Akawerenga katatu kapena kanayi, mtanda ukupindika, ndipo muyenera kuuika wokulirapo kapena kuwerengera kupindikako mu samu. Yezaninso denga lomwe ndodo zapachikidwako ndi bowo la pini: mtengo wa kudenga ukatsika theka la milimita, kapena pini ikakhala yaing'ono mu bowo lalikulu, zotsatira zake ndi zofanana ndi za nati yolefuka ija, ndipo kumanga nati sikungazithetse.